Nkhani yonse ikhale pa mutu: mawu kwa amalonda ang'onoang'ono a ku Maravia

 Lero ndikufuna tikambirane za pepala limodzi lokha. Ndi pepala limene kampani yaing'ono imalemba ikafuna kudziwitsa anthu kuti yatulutsa katundu watsopano, n'kulitumiza ku wailesi kapena ku nyuzipepala. Ena timalitcha chikalata chopita kwa atolankhani, m'maofesi mudzamva akuti komunikado. Ndikamba makamaka za mzere woyamba wa pepalalo, umene uli mutu wake, chifukwa zikalata zambiri zimafera pomwepo.

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amazisakaniza. Kulengeza malonda ndi kwina, chikalata chopita kwa atolankhani ndi china. Mukafuna kulengeza malonda mumalipira, ndipo wailesi imaulutsa mawu anu monga mwawalembera, pa nthawi imene mwagula. Chikalata chopita kwa atolankhani simulipira, koma simulamulanso. Mkonzi wa nkhani ndiye amaona ngati zimene mwalembazo n'zoyenera kulowa m'nkhani za tsikulo. Akhoza kuzidula, akhoza kuzilembanso m'mawu ake, akhoza kukuimbirani foni kuti akufunseni zina, ndipo akhozanso kuzitaya. Iye funso lake ndi limodzi: kodi omvera anga apindulanji akamva izi? Mukamutumizira mawu otamanda katundu wanu, iye amadziwa msanga kuti mukufuna kulengeza malonda mwaulere, ndipo amakulozerani ku ofesi yolipirira.

Mwambo umenewu suli wa dzulo. Mu Okutobala 1906 sitima yapamtunda inagwa pa mlatho ku Atlantic City, m'dziko la America, ndipo anthu oposa 50 anafa. Bambo wina dzina lake Ivy Lee, amene ankagwirira ntchito kampani ya njanji ya Pennsylvania, analemba zimene zinachitika n'kupereka kwa atolankhani mphekesera zisanafale, ndipo nyuzipepala ya New York Times inasindikiza mawuwo monga analili. Taonani, chikalata chimene ambiri amati ndicho chinayamba mwambowu sichinali chotamanda kanthu. Chinali chonena zimene zachitika, kuti, liti, kwa yani. Ndicho chifukwa chake anachikhulupirira.

Tsopano tibwere kwathu. Sinditchula kampani yeniyeni, koma tiyerekeze chitsanzo chimene aliyense wa ife angachione m'maganizo. Mayi wina pa Fingoe wagula makina ofinyira mafuta. Wagula mpendadzuwa kwa alimi 60 a m'boma muno, matani 24 onse pamodzi. Walemba antchito 7. Makina ake amatulutsa malita 100 pa tsiku. Mafutawo aziwathira m'mabotolo a lita imodzi ndi a theka la lita, lita pa metikali 130, theka pa metikali 70. Kugulitsa kuyamba Loweruka pa 12 Julaye m'masitolo atatu a pa Fingoe, ndipo ku Malowera mafutawo afika mu Ogasiti. Manambala onsewa ndi ongoyerekeza, koma tiwagwire bwino chifukwa ndiwo tigwiritse ntchito mpaka kumapeto.

Mayiyu wakhala pansi ndi mwana wake wa ku sekondale kuti alembe. Mutu woyamba umene umabwera m'maganizo ndi wakuti: "Chidziwitso kwa atolankhani onse." Mutu umenewu sunanene kanthu. Mkonzi akudziwa kale kuti n'chidziwitso, n'chifukwa chake chafika kwa iye. Wachiwiri ndi wakuti: "Mwambo wokhazikitsa katundu watsopano." Katundu wanji? Wa yani? Kuti? Mtolankhani amene uthenga ukumulowera m'foni motsatizana sangatsegule chikalata kuti akapeze yankho pa ndime yachitatu. Wachitatu, umene eni malonda amaukonda kwambiri, ndi uwu: "Mafuta abwino koposa onse m'Mozambique muno afika!" Uwu ndiwo woipitsitsa, ngakhale ukumveka wamphamvu. Ndani wayesa mafuta onse a m'dziko muno n'kupeza kuti awa ndiwo oposa? Wowerenga nkhani pa wailesi sangatulutse mawu amenewo m'kamwa mwake, chifukwa mawa wina akadzamufunsa umboni adzasowa chonena.

Nanga mutu wonyamula nkhani umamveka bwanji? Tamverani: "Mafuta ophikira ofinyidwa pa Fingoe ayamba kugulitsidwa Loweruka pa metikali 130 lita."

Ndibwerezenso, popeza pa wailesi mawu sabwerera m'mbuyo. "Mafuta ophikira ofinyidwa pa Fingoe ayamba kugulitsidwa Loweruka pa metikali 130 lita." Munthu amene wamva mzere umenewu wokha, batire n'kumuthera pomwepo, wadziwa chinthu, wadziwa kumene chapangidwa, wadziwa tsiku, wadziwanso mtengo. Akhoza kukafotokozera mnansi wake osaphonya. Muyeso wa mutu wabwino ndi umenewo: muuwerengere munthu kamodzi kokha, mokweza, kenako mumufunse kuti wamva chiyani. Akabwereza nkhaniyo molondola, mutuwo wakhoza. Akati "ndamva kuti kukubwera zinazake," bwererani mukalembenso.

Onani zimene zapangitsa kuti mutuwu uime. Muli mawu osonyeza kuti chinachake chikuchitika, "ayamba kugulitsidwa." Mutu wopanda mawu otere umangotchula dzina la chinthu, sunena nkhani. Muli dzina la malo, ndipo dzinalo ndilo mtima wake. Mafuta ophikira si achilendo, ali m'sitolo iliyonse. Chachilendo n'chakuti awa sanabwere pa lole kuchokera ku Tete kudzera msewu wa Bene uja umene timaudziwa mmene umavutira mvula ikagwa, ndipo sanadutse malire kuchokera ku Zambia. Afinyidwa pompano. Chotsani mawu akuti "pa Fingoe," nkhani yatha.

Mwina mwazindikira kuti dzina la kampani mulibe m'mutumo. N'zadala. Dzina la kampani yaikulu ngati ya magetsi ya Cahora Bassa limakoka khutu palokha, chifukwa aliyense amalidziwa. Dzina la kampani imene yangobadwa kumene silinena kanthu kwa womvera, limangodya malo. Liikeni m'chiganizo choyamba pansi pa mutu, pamenepo lidzamveka bwino. Ndikudziwa kuti zimawawa, munthu wavutika kulembetsa dzina, wayenda maulendo ku maofesi, ndipo akufuna limveke poyamba. Koma dzinalo lidzadziwika chifukwa nkhani yaulutsidwa, ndipo nkhani idzaulutsidwa chifukwa mutu wake unali ndi kanthu.

Pali chinthu china chimene ndikufuna tichedwepo pang'ono. Nkhani imodzi ikhoza kukhala ndi mitu iwiri, malinga ndi amene mukumutumizira. Kwa womvera wa m'boma muno, mtengo ndi tsiku ndizo zofunika, chifukwa iye akhoza kupita kukagula. Koma taganizani za mkonzi wa nthambi ya Rádio Moçambique mumzinda wa Tete, kapena mtolankhani wa nyuzipepala ya Notícias kapena Diário de Moçambique. Omvera ndi owerenga ake ali ku Moatize, ku Angonia, ku Beira, ku Maputo. Mtengo wa botolo la mafuta pa Fingoe suwakhudza, sangabwere kudzagula. Chimene chingamukoke iye ndi ichi: "Kampani ya pa Fingoe yagula matani 24 a mpendadzuwa kwa alimi 60 a ku Maravia kuti ifinye mafuta." Apa nkhani yasanduka ya msika wa alimi, ya ntchito, ya boma lakutali limene layamba kukonza lokha zokolola zake m'malo mozigulitsa zosakonza. Zoona zake n'zomwezo, palibe chimene tawonjezera. Tangosintha chimene chili patsogolo. Choncho musanalembe mutu, dzifunseni kuti amene auwerenge ali kuti, ndipo akutumikira anthu ati.

Pansi pa mutu pamabwera ndime yoyamba. Imayamba ndi malo ndi tsiku limene mwalemba, kenako imayankha mafunso amene mtolankhani aliyense anaphunzitsidwa kufunsa: ndani, chiyani, kuti, liti, chifukwa chiyani, motani. M'chitsanzo chathu ingamveke chonchi: "Fingoe, 7 Julaye. Kampani yakutiyakuti ya pa Fingoe iyamba kugulitsa mafuta ophikira a mpendadzuwa Loweruka pa 12 Julaye m'masitolo atatu a pa boma, lita pa metikali 130 ndipo theka la lita pa metikali 70. Mafutawa afinyidwa kuchokera ku mpendadzuwa umene kampaniyi yagula kwa alimi 60 a m'boma la Maravia." Ziganizo ziwiri, basi. M'mutu tinati "Loweruka" chabe, koma apa tsiku lalembedwa lonse, chifukwa chikalata chikhoza kuchedwa pa tebulo, ndipo mawu ngati "mawa" kapena "sabata ya mawa" amasokeretsa anthu chikawerengedwa patapita masiku. Ndalamanso itchulidwe dzina. Kufupi ndi malire anthu amagwiritsanso ntchito kwacha ya Zambia, ndiye mukangoti "130" wina amva zina, n'kukakangana ndi wogulitsa m'sitolo.

Ndime zotsatira zimatsika molingana ndi kulemera kwake: chofunika kwambiri pamwamba, chofunika pang'ono pansi. Chifukwa chake n'chakuti mkonzi akapereweredwa nthawi amadula kuyambira pansi. Nkhani ya mtundu uwu pa wailesi kawirikawiri siifika ngakhale mphindi imodzi. Ngati mwayamba ndi mbiri ya mmene munayambira geni ya mandasi zaka khumi zapitazo, n'kuika mtengo ndi tsiku kumapeto, zimene zidzadulidwe ndi mtengo ndi tsikulo. Ndime yachiwiri inene za antchito 7, malita 100 pa tsiku, ndi mwezi umene mafuta afike ku Malowera. Yachitatu ikhale ya mawu a mwini wake.

Mawu a mwini kampani ndi malo amene ambiri amawawononga. Pafupifupi aliyense amalemba kuti "ndife okondwa kwambiri." Inde ndinu okondwa, palibe amene akukayika, koma mtolankhani sangachite nacho kanthu. Gwiritsani ntchito malo amenewa kunena chinthu chimene inu nokha mungachinene, monga chifukwa chimene mwayambira kapena chimene mukulonjeza. Mayi wathu uja akhoza kunena kuti: "Alimi amene tagulako chaka chino tidzawagulanso chaka chamawa, ndipo mtengo tidzaulengeza asanabzale." Mawu otere mlimi amawatchera khutu. Koma muwalembe pokhapokha ngati mudzachitadi zimenezo, ndipo amene mwamuika mawu m'kamwa awawerenge ndi kuwavomereza chikalata chisanatuluke.

Izi zikutifikitsa pa mbali imene ine ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse, ya kulonjeza zimene simungakwanitse. Tiwerengere limodzi. Pa makina ang'onoang'ono, lita imodzi ya mafuta imadya pafupifupi makilogalamu 4 a mpendadzuwa, kutengera mtundu wa mbewu ndi mphamvu ya makinawo. Malita 100 pa tsiku ndiye kuti makilogalamu 400. Mukagwira ntchito masiku 20 pa mwezi, mwadya matani 8. Mayi wathu ali ndi matani 24. Ndiye kuti mpendadzuwa wake utha pa miyezi itatu, atatulutsa malita pafupifupi 6,000. Tsono tiyerekeze kuti pamutu analemba kuti "Mafuta a pa Fingoe azipezeka chaka chonse m'chigawo chonse cha Tete." Pofika Okutobala mashelefu ali mbee, mpendadzuwa wina ukolodwa chaka chamawa, ndipo anthu ayamba kunena kuti wailesi inanama. Mtolankhani amene anaulutsa nkhaniyo sadzatsegulanso chikalata cha mayiyu. Akanangochita masamu awa pa kapepala asanalembe, akanadziwa kuti mutu wake uyenera kuima pa Fingoe ndi Malowera, ndipo akanatha kuwonjezera mzere wina wa phindu lenileni, wakuti kampani ikufuna alimi ena oti alime mpendadzuwa dzinja likubwerali. Mzere umenewo ndi nkhani payokha.

Mawu akuti "koyamba" nawonso samalani nawo. "Kampani yoyamba kufinya mafuta m'boma la Maravia" ndi mutu wokoma, ndipo ngati n'zoona, ugwiritseni ntchito. Koma mwafufuza? Pitani ku ofesi ya boma yoona za chuma ndi ulimi, ija timaitcha SDAE, mukafunse ngati panalibe wina kale. Boma lathu ndi lalikulu, zimene zikuchitika ku Chiputo wa ku Chipera sangazidziwe zonse. Ngati simunapeze yankho lomveka, asiyeni mawuwo. Nkhani yanu iima ngakhale popanda iwo.

Za umoyo ndiye musayandikeko n'komwe. Musalembe kuti mafuta anu amachiza kuthamanga kwa magazi kapena matenda a shuga. Mafuta ophikira ndi chakudya, si mankhwala, ndipo wina akhoza kusiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mawu anu. Musalembenso kuti katundu wanu wavomerezedwa ndi bungwe loona za miyezo la INNOQ ngati pepala lake mulibe m'manja. Kumbukirani kuti nkhani ikaulutsidwa, amene akumva si ogula okha. Oyendera malonda a boma nawonso ali ndi mawailesi. Choncho musanaitane atolankhani, chiphaso cha malonda chikhale chilipo, nambala ya msonkho ya NUIT ikhale ilipo, ndipo pa botolo pakhale polembedwa bwino dzina la wopanga, kuchuluka kwa mafuta ndi tsiku lothera ntchito. Chikalata chimaitana maso, ndipo maso amenewo amaona zonse.

Tsopano za chilankhulo. Kuno timalankhula Chichewa, ena Chinsenga, ena Chinyungwe, koma mapepala a m'maofesi ndi nyuzipepala zazikulu zimayenda m'Chipwitikizi. Wailesi ya ku Tete imaulutsa m'Chipwitikizi ndi m'zilankhulo zathu. Mukatumiza chikalata m'Chipwitikizi chokha, wina kumeneko adzachitembenuza mothamanga nthawi ya nkhani ikuyandikira, ndipo pamenepo m'pamene theka la lita limasanduka lita, Malowera n'kusanduka malo ena. Lembani ziwiri nokha, cha Chipwitikizi ndi cha Chichewa, ndipo cha Chichewacho chilembedwe monga timalankhulira, osati kutsata liwu ndi liwu. Mukatha, ziikeni pamodzi muone ngati manambala, masiku ndi mayina zikufanana. Mwamuchepetsera ntchito mtolankhani, ndipo mwateteza nkhani yanu.

Katumizidwe kake n'kosavuta, koma pali timisampha. Zikalata zambiri masiku ano zimayenda pa WhatsApp. Musajambule pepala ndi foni n'kutumiza chithunzi chake, chifukwa mtolankhani sangakopere mawu a pa chithunzi mosavuta, ndipo netiweki ikafooka chithunzicho chimakana kutseguka. Lembani mawuwo mu uthenga momwemo, mutu ukhale mzere woyambirira, chifukwa pa foni yake mawu oyambirira okha ndiwo amaoneka asanatsegule. Moni wautali ndi kufunsa za kunyumba zibwere mu uthenga wina kapena poimba foni. Ngati ndi imelo, mutu wanu womwewo ulembedwe pa malo a mutu wa imeloyo. Zonse zikwane tsamba limodzi. Onjezani chithunzi chimodzi kapena ziwiri zooneka bwino, zojambulidwa masana: botolo lili m'manja mwa wantchito pafupi ndi makina, osati anthu khumi ataima pa mzere manja ali kumbuyo. Lembani amene ali pa chithunzicho, mutawapempha kaye. Kwa a wailesi, tumizaninso mawu a mwini wake ojambulidwa pa foni, osapitirira theka la mphindi, pa malo opanda phokoso la makina.

Tumizani masiku anayi kapena asanu tsiku lisanafike, m'mawa, kwa munthu amene mukumudziwa dzina ndi ntchito yake, osati kumwaza m'magulu onse. Patapita tsiku muimbe kamodzi kufunsa ngati chafika ndiponso ngati pali chimene akufuna kudziwa. Kamodzi n'kokwanira.

Pansi penipeni pa chikalata pakhale ziganizo ziwiri zonena kuti kampaniyo ndi yani ndipo ili pati, kenako dzina la woyankha mafunso ndi nambala yake ya foni. Ngati n'kotheka ikani manambala awiri a makampani osiyana, monga Movitel ndi Vodacom, popeza tonse tikudziwa kuti kuno ina ikagwira ina imatha kusowa. Ndipo foniyo ikhale yoyaka, ili m'manja mwa munthu amene akudziwa mayankho. Mtolankhani amene akuthamangira nthawi amaimba kamodzi kapena kawiri, akapanda kuyankhidwa amatenga nkhani ina.

Ndikudziwa kuti alipo ena akuti, ife tilibe makina, tili ndi uchi, tili ndi chiponde, tili ndi ufa wa malambe, tili ndi kapenta wouma woikidwa m'mapaketi. Njira yake ndi yomweyi. Pezani chimene chasintha kwa wogula kapena kwa mlimi, muchiike m'mzere umodzi wokhala ndi chinthu, malo, tsiku ndi nambala imodzi imene mungaiikire umboni. Ngati mwayesa n'kulephera kupeza mzere umenewo, ndiye kuti nkhani sinapse. Dikirani kaye mpaka katundu akhale pa shelefu ndipo mtengo ukhazikike, chifukwa mwayi wolengeza kuti chinthu n'chatsopano umabwera kamodzi.

Inu amalonda a ku Maravia, musanatumize chikalata chanu, tengani mutu wake muuwerengere wogulitsa m'sitolo mmodzi ndi mlimi mmodzi, aliyense payekha, ndipo muwafunse zimene amva. Akayankha zofanana, tumizani.